Kufunsira ntchito pa imelo: mafunso ndi mayankho pa dzina la fayilo ya siivi ndi mutu wa imelo

Awa ndi mafunso amene anthu ofunsira ntchito amafunsa kawirikawiri akafika potumiza. Siivi yalembedwa, kalata yofunsira ntchito yatha, chatsala n'kupatsa fayilo dzina ndi kulemba mzere umodzi m'bokosi lija lolembedwa `Subject`. Kuti zitsanzo zimveke, tiyerekeze kuti wofunsira ntchito dzina lake ndi Chisomo Banda, ntchito yake ndi ya wothandizira ku ofesi yowerengera ndalama, ndipo olemba ntchito aipatsa nambala `AA/07`. Dzina ndi nambalayi n'zongoyerekezera. Inu muziikapo zanu.

Dzina langa lili kale m'kati mwa siivi. Nanga dzina la fayilo lili ndi ntchito yanji?

Lili ndi ntchito chifukwa fayilo siikhalitsa mu imelo yanu. Amene walandira amaitsitsa n'kuiika mu foda imodzi pamodzi ndi mafayilo a anthu ena onse amene afunsira ntchito yomweyo. Kuchokera pamenepo, imelo yanu ili kwina, fayilo ili kwina. Fodayo mwina itumizidwa kwa akuluakulu osankha anthu oti abwere ku intavyu, amene sanaione n'komwe imelo yanu. Chimene iwo akuona ndi mndandanda wa maina a mafayilo basi.

Tsono taganizani kuti anthu ambiri alemba kuti `CV.pdf`. Kompyuta siilola maina awiri ofanana mu foda imodzi, choncho potsitsa imayamba kuwonjezera manambala yokha: `CV (1).pdf`, `CV (2).pdf`, mpaka kutali. Zili ngati matumba a chimanga ofanana ataunjikidwa pa chigayo opanda chizindikiro: mwini chigayo ayenera kumasula lililonse kuti adziwe kuti ili n'landani. Bwana akanena kuti "ndipatseni siivi ya a Banda aja", kalaliki amangolemba dzinalo m'bokosi lofufuzira. Ngati lili pa fayilo, imatuluka nthawi yomweyo. Ngati palibe, ayenera kutsegula imodziimodzi, ndipo si tsiku lililonse limene munthu amakhala ndi mtima woterowo.

Ndiye ndiipatse dzina lotani?

Dzina lanu loyamba, dzina la makolo, kenako mtundu wa chikalatacho:

```
Chisomo-Banda-CV.pdf
```

Pa ntchito zambiri zimenezi n'zokwanira. Ngati bungwelo lalengeza ntchito zingapo nthawi imodzi, onjezerani dzina la ntchitoyo monga lalembedwera pa chilengezo:

```
Chisomo-Banda-CV-Accounts-Assistant.pdf
```

Dzina lanu likhale patsogolo. Foda imasanja mafayilo motsata alifabeti, choncho zikalata zanu zonse zikayamba ndi dzina lanu zimakhala pamodzi, china pansi pa chinzake. Mukayamba ndi `CV`, siivi yanu ipita kukakhala ndi masiivi a ena, kalata yanu ipita kwina, masatifiketi kwinanso. Komanso pa foni dzina lalitali limadulidwa, ndipo mbali imene imaoneka bwino ndi yoyambirira.

Gwiritsani ntchito dzina limene lili pa masatifiketi anu ndi pa chiphaso cha unzika, osati lachidule kapena limene anzanu amakuitanirani. Ngati munasintha dzina mutakwatiwa, lembani limene lili pamwamba pa siivi, ndipo likhale lomwelo pa fayilo ndi pa mutu wa imelo. Kuyamba ndi dzina la makolo sikulakwa. Chofunika n'chakuti musasinthesinthe pakati pa mafayilo anu.

Kodi ndionjezere mawu ngati `final`, `updated` kapena chaka?

Ayi. Mawu amenewo ndi anu, okuthandizani kusiyanitsa masiivi a mu kompyuta yanu. Kwa wolandira sanena kanthu. Dzina ngati `my cv new final edited 2.pdf` limangomuuza kuti pali ena ambiri ofanana nalo, ndipo akhoza kukayika ngati mwatumiza lolondola. Chaka nacho chimakhala msampha: anthu amaiwala kuchisintha, n'kutumiza `CV 2021.pdf` patapita zaka, ngakhale m'kati alembamo zatsopano.

Sungani masiivi anu akale ndi maina alionse amene mukufuna. Pofuna kutumiza, pangani kope yatsopano n'kuipatsa dzina loyera. Nambala ya chiphaso cha unzika, tsiku lobadwa ndi nambala ya foni zisakhale pa dzina la fayilo, pokhapokha olemba ntchito atanena okha.

Ndi zizindikiro ziti zimene siziloledwa pa dzina la fayilo? Dzina langa lili ndi kachizindikiro ka m'mwamba.

Makompyuta a Windows, amene ndiwo ali m'maofesi ambiri, salola zizindikiro izi pa dzina la fayilo:

```
\ / : * ? " < > |
```

Chimene chimavutitsa anthu kwambiri ndi kamzere kopendekeka, chifukwa manambala a ntchito amakonda kukhala nako. Pa mutu wa imelo `AA/07` ilembedwe momwemo. Pa dzina la fayilo ikhale `AA-07`.

Mipata pakati pa mawu imaloledwa, ndipo potumiza pa imelo siivuta. Vuto limabwera fayilo ikakwezedwa pa tsamba la intaneti, pamene mpata uliwonse ukhoza kusanduka `%20`, dzina n'kumaoneka ngati `Chisomo%20Banda%20CV.pdf`. N'chifukwa chake ndimakonda kamzere kogona pakati pa mawu. Kamzere ka pansi nako kamagwira ntchito.

Za maina athu: a Ng'oma, a Ng'ambi, a M'bwana, kapena amene dzina lawo lili ndi ŵ. Makompyuta ambiri a masiku ano amalandira maina amenewa bwinobwino, koma mapulogalamu ena akale amakana fayiloyo kapena kusandutsa chilembocho kukhala zizindikiro zosawerengeka. Pa dzina la fayilo pokha, lembani `Ngoma` kapena `Mwawi`. M'kati mwa siivi, m'kalata ndi pa mutu wa imelo lembani dzina lanu molondola, ndi zizindikiro zake zonse. Palibe chifukwa chopundulira dzina limene makolo anakupatsani pamalo pamene makina sakukakamizani.

Siivi yanga ili mu foni, anachita kunditumizira pa WhatsApp. Ndisintha bwanji dzina?

Funso ili n'lofunika chifukwa ambiri a ife siivi timakataipitsa pa biro, n'kuilandira pa foni. Mafayilo odutsa pa WhatsApp nthawi zina amasungidwa ndi maina ngati `DOC-20240314-WA0007.pdf`, zithunzi ngati `IMG-20240314-WA0012.jpg`. Zojambulidwa ndi CamScanner zimayamba ndi dzina la pulogalamuyo, kenako tsiku ndi nthawi. Maina onsewa alibe chokhudza inu.

Dzina lisinthidwe musanaiphatike fayilo pa imelo, chifukwa mukaiphatika mu Gmail mulibe posinthira. Pa foni ya Android tsegulani pulogalamu yosungira mafayilo, monga Files by Google kapena My Files ya pa Samsung, pezani fayiloyo, dinani timadontho titatu kapena igwireni kwa kanthawi, n'kusankha `Rename`. Pa iPhone ndi mu Files: igwireni, musankhe `Rename`. Pa kompyuta ya Windows dinani fayiloyo kamodzi, kenako batani la `F2`.

Posintha, zilembo zakumapeto zija, `.pdf` kapena `.docx`, musazikhudze. Ndizo zimauza kompyuta pulogalamu yotsegulira. Pa Windows nthawi zambiri zimakhala zobisika, ndipo munthu akalemba yekha `.pdf` amathera ndi `Chisomo-Banda-CV.pdf.pdf`. Mukatha, tsegulani fayiloyo muone ngati ikutsegukabe.

Ndinasintha `.docx` kukhala `.pdf` koma fayilo ikukana kutseguka. Chalakwika n'chiyani?

Kusintha dzina sikusintha zam'kati. Fayiloyo idakali ya Word, koma tsopano ikudzitchula kuti PDF, choncho pulogalamu yowerengera PDF imanena kuti ndi yowonongeka. Bwezerani `.docx`, itseguleni, n'kuisunga mwatsopano. Mu Word pitani pa `File`, `Save As`, musankhe PDF pa mtundu wa fayilo. Mu Google Docs ndi `File`, `Download`, `PDF Document (.pdf)`. Amene amagwiritsa ntchito WPS Office pa foni afufuze `Export to PDF`.

PDF ndi yabwino chifukwa imaoneka chimodzimodzi pa foni ndi pa kompyuta iliyonse, mizere siisuntha. Koma olemba ntchito akanena kuti akufuna ya Word, atumizireni ya Word.

Ndili ndi kalata, siivi ndi masatifiketi. Ndiziphatikize kapena chilichonse pachokha?

Yambani mwawerenga chilengezo. Mabungwe ambiri amanena poyera kuti zonse zikhale mu PDF imodzi. Zikatero, zisanjeni motere: kalata, siivi, masatifiketi kuyambira yapamwamba kutsika mpaka ya MSCE, kenako zina zimene apempha. Dzina lake lisanene kuti siivi poti muli zambiri:

```
Chisomo-Banda-Application-AA-07.pdf
```

Akapanda kunena, mafayilo atatu ndi okwanira, onse oyamba mofanana:

```
Chisomo-Banda-Cover-Letter.pdf
Chisomo-Banda-CV.pdf
Chisomo-Banda-Certificates.pdf
```

Masatifiketi onse alowe mu fayilo imodzi. Kutumiza zithunzi khumi zapadera, china chogona china chozondoka, n'kumupatsa wolandira ntchito imene inali yanu.

Yang'aniraninso kukula kwake. Gmail imalola kuphatika mafayilo osapitirira 25 MB pa imelo imodzi, ndipo akapitirira imawasandutsa linki ya Google Drive. Linki imeneyo ikhoza kumufunsa wolandira chilolezo, ndipo ambiri sangadikire. Maofesi ena malire awo ndi ochepa kuposa pamenepo. Siivi ya mawu okhaokha siifika n'komwe 1 MB. Zimene zimalemera ndi masatifiketi osikana, choncho achepetseni mpaka zonse pamodzi zikhale ma MB ochepa, koma zilembo ndi zidindo zizioneka. Mafayilo omangidwa a `.zip` kapena `.rar` apeweni: makina ena a maimelo amawatsekereza, ndipo pa foni amavuta kutsegula.

Pa mutu wa imelo ndilembepo chiyani?

Ngati chilengezo chanena zoti mulembe, lembani zimenezo, chilembo ndi chilembo. Apa ndi pamene anthu oyenera ntchito amagwera osadziwa.

Kale zilengezo za m'nyuzi ngati The Nation ndi The Daily Times zinkanena kuti mulembe dzina la ntchito pamwamba pa envelopu, kuti wolandira makalata aziunjika malinga ndi ntchito osatsegula. Mutu wa imelo watenga malo a envelopu ija, kungoti tsopano wosanjayo nthawi zambiri ndi makina. Mu Outlook ndi mu Gmail munthu amatha kuika lamulo lakuti imelo iliyonse imene mutu wake uli ndi mawu akutiakuti izipita mu foda yakutiyakuti. Ngakhale popanda lamulo, tsiku lotsekera likadutsa kalaliki amalemba mawuwo m'bokosi lofufuzira n'kutenga zimene zatuluka.

Tiyeni titsate chitsanzo chathu. Chilengezo chanena kuti mutu ukhale ndi dzina la ntchito ndi nambala yake. Anthu anayi atumiza motere:

```
Job application
Application for Accountant post
Accounts Assistant AA07
Accounts Assistant AA/07 - Chisomo Banda
```

Kalaliki akufufuza `AA/07`. Woyamba satuluka, ndipo ngati pali ntchito zisanu zolengezedwa palibe akudziwa kuti akufuna iti. Wachiwiri watchula ntchito ina. Ngati bungwelo likufunanso akauntanti, aikidwa m'gulu la anthu a maphunziro oposa ake n'kugwa pomwepo. Wachitatu wayandikira, koma wachotsa kamzere, ndipo lamulo lofuna mawu enieniwo likhoza kumudumpha. Wachinayi yekha ndiye wotsimikizika kulowa mu foda yoyenera. Choopsa n'chakuti atatu enawo salandira uthenga wowauza kuti zalakwika. Imelo yawo yafika ndithu, koma yatsalira pakati pa makalata ena onse a ofesiyo.

Ngati mungathe, koperani mawuwo kuchokera pa chilengezo m'malo mowataipa. Mukamawerenga pa chithunzi cha nyuzi, samalani ziro ndi chilembo O, komanso 1 ndi I. Chilengezo chikanena kuti mutu ukhale nambala yokha, ikani nambala yokha. Dzina lanu aliona pa fayilo.

Nanga ngati chilengezo sichinanene kanthu za mutu?

Dzina la ntchito, nambala ngati ilipo, kenako dzina lanu:

```
Application: Accounts Assistant - Chisomo Banda
```

Onani kusiyana ndi dzina la fayilo. Pa fayilo dzina lanu linali patsogolo, pano ntchito ndiyo ili patsogolo. Chifukwa chake n'chakuti mu bokosi la maimelo dzina la wotumiza limaoneka kale pambali, ndipo chimene wolandira akufuna kudziwa poyamba ndi ntchito imene mukufunsira. Pa foni mutu umaoneka zilembo pafupifupi 30 kapena 40 zoyambirira, zotsalazo n'kudulidwa. Mukayamba ndi `I am writing to apply for the position of`, malo onse atha dzina la ntchito lisanafike.

Ntchito ikakhala ya m'maboma angapo, monga momwe mabungwe amalembera anthu ogwira ntchito kumidzi, onjezerani boma limene mukufuna: `Field Officer - Mchinji - Chisomo Banda`. Ngati ntchitoyo imafuna chiphaso china chake chimene muli nacho, mukhoza kuika chidule chake pambuyo pa dzina lanu, koma chimodzi chokha.

Poti tatchula dzina la wotumiza: dzitumizireni imelo kaye muone mmene mukuonekera. Ena akaunti anaitsegula ali kusukulu ndi dzina lamasewera, ndipo ndilo limatsagana ndi mutu wawo wolembedwa bwinowo. Limasinthika mu zokonzera za akaunti.

Kodi ndingalembe mutu m'Chichewa? Nanga kulemba `URGENT` kuti aione msanga?

Tsatirani chilankhulo cha chilengezo. Zilengezo zambiri za ntchito m'Malawi zimatuluka m'Chingerezi, ndipo dzina la ntchito musalimasulire, chifukwa ndi limene akufufuzira. Chilengezo chikakhala m'Chichewa, mutu wa Chichewa ndi woyenera, monga `Kufunsira ntchito ya ulonda - Chisomo Banda`.

`URGENT`, zilembo zikuluzikulu zokhazokha, zizindikiro zofuulira zambiri ndi tizithunzi ta nkhope, zonsezi zisiyeni. Kufulumira n'kwanu, si kwa wolandira, ndipo mitu yotere imafanana ndi ya maimelo achinyengo. Mitu yodandaula, ngati `Please help me, any job`, ndimaimvetsa. Ulova ndi wowawa, ndipo munthu amalemba zimene zili mumtima. Koma wolandira alibe foda yoikamo imelo yotere. Mutu wopanda kanthu ndiye woipitsitsa: umaoneka ngati `(no subject)` pamodzi ndi fayilo yophatikidwa, ndipo anthu a m'maofesi amachenjezedwa kuti asamatsegule maimelo oterowo kuopa mavairasi.

Ndikufunsira ntchito ziwiri pa bungwe limodzi. Imelo imodzi ikwana?

Tumizani maimelo awiri, iliyonse ndi mutu wake, pokhapokha chilengezo chitanena zina. Pa chifukwa chimene tafotokoza pa funso la mutu, imelo imodzi imakathera mu foda imodzi, ndipo osankha a ntchito inayo sangaione. Apa ndi pamenenso dzina la ntchito liyenera kukhala pa dzina la fayilo, kuti mafayilo anu awiri asafanane.

Kuti ndisavutike kuphatika mafayilo, ndimangotumizanso imelo yakale. Pali vuto?

Lilipo, ndipo ndi lalikulu. Mukadina `Forward`, mutu umayamba ndi `Fwd:` n'kusunga dzina la ntchito yakale. Pansi pa uthenga pamatsalira adiresi ya bungwe limene munafunsirako poyamba, tsiku lake, ndi zonse zimene munalemba. Mafayilo nawo amabwera ndi maina akale, mwina otchula ntchito ina. Wolandira amaona zonsezi asanatsegule siivi.

Yambani imelo yatsopano nthawi zonse. Koma olemba ntchito akakulemberani okha, kukuitanani ku intavyu kapena kupempha chikalata china, dinani `Reply` ndipo mutu musausinthe. `Re:` wa pamenepo ndi woyenera, chifukwa amasunga makalata anu onse pamzere umodzi.

Palibe ntchito imene yalengezedwa, kapena wina wandiuza kuti nditumize siivi. Mutu ukhale wotani?

Popanda chilengezo, nenani mtundu wa ntchito imene mumagwira, osangoti mukufuna ntchito: `CV for consideration: Accounts Assistant - Chisomo Banda`. Ophunzira ofuna malo ophunzirira ntchito atchule zimenezo ndi miyezi yake, monga `Internship request: Accounting, June to August - Chisomo Banda`.

Ngati munthu wa m'bungwemo wakuuzani kuti mutumize, dzina lake likhoza kulowa pa mutu pokhapokha mutamupempha ndipo wavomera. Pa ntchito yolengezedwa poyera musatero. Tsatirani mutu umene apempha, chifukwa kutchula munthu wa m'kati kukhoza kuoneka ngati mukufuna kulowera pawindo, n'kumuika mnzanuyo m'mavuto.

Ndasintha dzina la fayilo, koma ikatseguka pamwamba pakuoneka dzina la munthu wina. Zikuchokera kuti?

Izi zimachitika siivi ikalembedwa pofufuta ya mnzanu, kapena pa biro akagwiritsa ntchito fayilo ya kasitomala wina. Kupatula dzina la kunja, fayilo imakhala ndi mutu ndi dzina la mlembi zobisika m'kati. Posandutsa PDF zimenezi zimatsatira, ndipo mapulogalamu ngati Chrome amaonetsa mutu wobisikawo pamwamba m'malo mwa dzina la fayilo.

Tsegulani fayilo ya Word ija pa kompyuta, pitani pa `File`, kenako `Info`. Kumanja muona `Title` ndi `Author`. Fufutani za mwini wakale, lembani zanu, n'kupanganso PDF. Mukamataipitsa pa biro, apempheni akupatseni fayilo ya Word pamodzi ndi PDF, kuti muzitha kukonza zotere nokha.

Ndatumiza kale, kenako ndaona kuti mutu kapena fayilo ndi yolakwika. Nditumizenso?

Mukazindikira pomwepo, Gmail imaonetsa `Undo` kwa masekondi ochepa. Pa kompyuta mukhoza kuwonjezera nthawiyi mpaka masekondi 30 mu `Settings`, pa `Undo Send`. Ikadutsa, imeloyo yapita.

Zikatero onani kukula kwa cholakwikacho. Ngati ndi dzina la fayilo lokha limene silinakome, koma zam'kati ndi mutu zili bwino, zisiyeni. Ngati mutu ulibe nambala kapena dzina la ntchito limene anapempha, mwaiwala kuphatika siivi, kapena mwaphatika ya ntchito ina, tumizaninso kamodzi tsiku lotsekera lisanafike. Ikhale imelo yatsopano, yokwanira payokha, ya mafayilo onse, osati chosowacho chokha. Mutu ukhale wolondola uja, ndipo mawu osonyeza kuti mwakonza abwere kumapeto kuti asatseke dzina la ntchito:

```
Accounts Assistant AA/07 - Chisomo Banda - corrected
```

Mu uthengamo lembani chiganizo chimodzi chopempha kuti agwiritse ntchito imelo iyi m'malo mwa yoyamba ija, n'kutchula tsiku limene munaitumiza. Mukatumiza, lowani mu `Sent`, osati mu `Outbox`, mutsimikize kuti yachokadi, chifukwa netiweki ikavuta imelo yokhala ndi mafayilo imatha kukhala mu foni mpaka tsiku lotsekera kudutsa. Muli momwemo tsegulani fayilo iliyonse imene mwaphatika muone ngati ndi yoyenera.